Chatha N'chiti, Chipite Mawa N'chiti? Mafunso Odzifunsa Dzuwa Likamalowa

Wamalonda aliyense amawerenga ndalama asanatseke okala yake, chifukwa amadziwa kuti ndalama yosawerengedwa madzulo imavuta kuilondola m'mawa. Koma anthu ochepa okha ndiwo amawerenga ntchito zawo mwanjira yomweyo. Ambiri amaweruka ali ndi chithunzi chosaoneka bwino m'mutu: zina zatheka, zina zatsala, mawa tidzaona. Mafunso ali m'munsiwa akufotokoza momwe munthu angaunikire tsiku lake m'mphindi khumi zokha. Pofuna kuti nkhani igwirike, mayankho onse akutsata chitsanzo chimodzi choyerekeza: telala wina wa pamsika, Lolemba la sabata yoti sukulu zitsegulidwe sabata yamawa, pamene makolo onse akufuna yunifolomu nthawi imodzi.

Kodi kudzifunsa mafunso madzulo kukusiyana pati ndi kungoganizira momwe tsiku layendera?

Kusiyana kwake kuli pa mathero. Munthu woganizira za tsiku amatha kukhala ola lathunthu akubwereza m'mutu mawu a kasitomala amene anamukalipira masana, ndipo akadzuka pampando palibe chimene chasintha. Munthu wodzifunsa mafunso amatenga mndandanda wa ntchito zimene anafuna kugwira tsikulo, n'kudutsa ntchito iliyonse payokha, ndipo sachoka pa ntchitoyo asanaipezere kopita.

Telala wathu m'mawa wa Lolemba analemba zinthu zisanu ndi chimodzi m'kope lake. Analemba malaya a sukulu anayi a ana a banja lina, madiresi a yunifolomu awiri, kusintha zipi ya buluku la bambo wina, diresi ya chinkhoswe chimene chichitike Loweruka, makatani a nyumba ina, ndi kupereka kwa mmisiri makina ake achiwiri amene akudumphitsa ulusi. Ikamakwana 5 koloko, iye akudziwa kuti watopa ndiponso kuti sanakhale pansi tsiku lonse. Chimene sakudziwa bwinobwino, kufikira atatsegula kopelo, n'chakuti pa zinthu zisanu ndi chimodzizo zathadi ndi zingati.

Mafunso ake ndi ati?

Ndi anayi, ndipo amafunsidwa motsatana. Loyamba: ndi ntchito iti imene yatheratu lero? Lachiwiri: imene yatsala yaima pati, ndipo chaiimitsa n'chiyani? Lachitatu: yotsalayo ipite kuti, mawa, tsiku lina, kwa munthu wina, kapena isiyidwe? Lachinayi: mawa ndidzayamba ndi chiyani, nthawi yanji?

Kwa munthu amene ntchito yake imakhudza anthu ena pali funso lachisanu, lomwe limatuluka m'yankho la funso lachitatu: ndani akuyembekeza chinthu chimene sichinathe, woti auzidwe lero lomwe? Kwa telala, mmisiri wa matabwa, mlembi wa mu ofesi kapena mphunzitsi wamkulu, funso limeneli ndilo limateteza dzina lake, chifukwa kasitomala amapsa mtima kwambiri akayenda ulendo wachabe kusiyana ndi pamene wauzidwiratu kuti abwere Lachinayi.

Dongosolo la mafunsowa lili ndi chifukwa. Munthu sangasankhe bwino kopita ntchito asanadziwe chimene chaiimitsa, ndipo sangakonze za mawa asanadziwe kuti katundu wochokera lero ndi wochuluka bwanji. Amene amayambira ku funso lomaliza amangokopera mndandanda wa lero pa tsamba la mawa.

Kodi ntchito imene yangotsala pang'ono singawerengedwe kuti yatha?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza osadziwa. Malaya anayi aja telala wawasoka onse, makolala ali m'malo, manja alumikizidwa, koma alibe mabatani ndi mabowo ake. M'mutu mwake malayawo atha. Komabe kholo litabwera tsopano silingawatenge, ndipo mawa m'mawa malayawo adzafunabe ola lathunthu la manja ake. Ngati wawachonga kuti atha, ola limenelo silidzaoneka pa dongosolo la mawa, koma lidzadyedwabe.

Ogwira ntchito za zomangamanga anaphunzira zimenezi movutikira. M'zaka za m'ma 1990, Glenn Ballard ndi Greg Howell a ku America anayamba kuwerenga ntchito zimene magulu a amisiri ankalonjeza kumaliza pa sabata, n'kupeza kuti kawirikawiri zimene zinkathadi zinali pafupifupi theka chabe. M'njira yokonzera ntchito imene iwo anakhazikitsa, ntchito imawerengedwa pawiri pokha: yatha kapena sinathe. Khoma limene latsala mizere iwiri ya njerwa limalembedwa kuti silinathe, chifukwa wokhoma denga sangayambe.

Muyeso wabwino ndi kufunsa kuti: kodi mwiniwake angatenge chinthuchi n'kupita nacho? Pa muyeso umenewu, telala wathu wamaliza chinthu chimodzi chokha pa Lolemba, madiresi awiri aja, omwe asokedwa, asitidwa ndipo apachikidwa. Zina zisanu zikadali m'manja mwake.

Ngati zotsala ndizo zofunika, bwanji osangoyambira pomwepo? Kuwerenga zimene zatha si kutaya nthawi?

Si kutaya nthawi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti zimene zatha zimamuuza munthu kukula kwenikweni kwa tsiku lake. Pansi pa funso loyamba telala alembenso ntchito zimene sizinali pa mndandanda koma wazigwira: wayeza ana asanu amene makolo awo anabwera mwadzidzidzi, wapinda mathalauza awiri a munthu amene anadikira pomwepo, wakagula ulusi. Akaziphatikiza amaona kuti zadya maola oposa awiri. Popanda kuzilemba, iye akanaganiza kuti wachita ulesi, pamene zoona zake n'zakuti mndandanda wake sunasiye malo a anthu obwera pakhomo.

Chachiwiri chikukhudza mtima wogwirira ntchito. Teresa Amabile wa pa yunivesite ya Harvard ndi Steven Kramer anasonkhanitsa zolemba za tsiku ndi tsiku pafupifupi 12,000 kuchokera kwa anthu 238 ogwira ntchito m'makampani 7, ndipo zotsatira zake anazifalitsa mu 2011. Anapeza kuti pa zinthu zonse zimene zimachitika pa ntchito, chimene chinkapezeka kawirikawiri pa masiku amene anthu anali osangalala ndi olimbikira chinali kupita patsogolo pa ntchito imene amaiona kuti n'njofunika, ngakhale kukhale pang'ono. Koma kupita patsogolo kumene munthu sanakuone sikumupatsa mphamvu. N'chifukwa chake malaya aja, ngakhale sakuchongedwa kuti atha, amalembedwa momwe alili: asokedwa onse anayi, atsala mabatani.

Kufunsa chimene chalepheretsa ntchito si kudziimba mlandu kodi?

Kumasanduka kudziimba mlandu ngati yankho likunena za khalidwe la munthu. Yankho loti "ndine waulesi" kapena "sindidziwa kusunga nthawi" silisonyeza chochita mawa. Yankho lothandiza limatchula chinthu chimene chinasowa, ndipo nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa zinayi: chipangizo, munthu wina, nthawi, kapena chiganizo chimene mwiniwake sanapange.

Pa tsamba la telala zikuoneka motere. Zipi ya buluku sinasinthidwe chifukwa m'bokosi munalibe zipi yakuda ya msinkhu woyenera: chasowa ndi chipangizo. Diresi ya chinkhoswe yadulidwa ndi kulumikizidwa mongogwirizira, koma singapitirire mwiniwake asanabwere kudzayesa: wasowa ndi munthu. Malaya ndi makatani zatsala chifukwa tsiku linatha: yasowa ndi nthawi. Makina aja sanapite kwa mmisiri chifukwa telalayo sanatsimikize ngati ali wokonzeka kulipira sabata ino: chasowa ndi chiganizo.

Chifukwa chilichonse chili ndi mankhwala akeake, ndipo mankhwala a china sagwira pa chinzake. Kudzuka m'mamawa kumathandiza ntchito imene inasowa nthawi, koma sikubweretsa zipi, ndiponso sikuitana mwini diresi. Munthu amene salekanitsa zifukwazi amayankha vuto lililonse ndi mawu amodzi oti "mawa ndidzalimbikira", kenako mawa lake n'kupeza buluku lija likudikirabe zipi imene palibe anakagula.

Kodi ntchito zonse zotsala ziyenera kupita mawa?

Ili ndilo ganizo lolakwika lofala kwambiri. Mawa si tsiku lopanda kanthu: lili kale ndi malonjezo ake. Lachiwiri telala wathu analonjeza kale masiketi atatu a yunifolomu. Akangothira zotsala zisanu pamwamba pa masiketiwo, Lachiwiri lalephera lisanayambe.

Ntchito yotsala ili ndi njira zinayi. Ikhoza kupita mawa, ngati mwiniwake akuifuna msanga ndipo zonse zofunika zilipo kapena zipezeka m'mawa. Ikhoza kupita ku tsiku lina lotchulidwa dzina, osati "nthawi ina". Ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina. Kapena ikhoza kusiyidwa, mwiniwake n'kuuzidwa moona.

Malaya apita mawa, chifukwa kholo libwera masana ndipo mabatani alipo. Buluku lipitanso mawa, koma kugula zipi kwapatsidwa kwa mnyamata amene akuphunzira ntchito pa shopuyo, kuti agule akamabwera. Makatani alibe tsiku lowafulumizira, choncho apita ku Lolemba la sabata yamawa, chipwirikiti cha yunifolomu chitatha. Diresi ya chinkhoswe singalembedwe pa Lachiwiri, chifukwa chotsatira chake sichili m'manja mwa telala. Chimene chili m'manja mwake ndi foni, ndipo amaimba asanatseke: "Mayi, ndi atelala kuno. Diresi yanu ija ndadula, yangotsala kuti mudzayese. Mungathe kufika Lachitatu m'ma 9 koloko? Mukafika tsiku limenelo, Lachisanu mudzaitenga." Mayiwo akavomera, diresi ilembedwa pa Lachitatu. Mwini makatani nayenso alandira uthenga madzulo omwewo.

Pa zotsala zisanu, zopita mawa zapezeka ziwiri zokha. Yachisanu, ya makina, ili ndi funso lakelake m'munsimu.

Munthu angadziwe bwanji kuchuluka kwa ntchito zimene zingakwane mawa?

Powerenga maola, osati ntchito, ndiponso potenga maolawo kuchokera ku masiku apitawo, osati ku chiyembekezo. Telala amatsegula 7 koloko n'kutseka 5 koloko, maola khumi. Koma kope lake likusonyeza kuti kuyeza makasitomala, kukambirana mitengo, nkhomaliro ndi tintchito ta pompopompo zimadya maola anayi. Otsala ogwirira ntchito zolembedwa ndi asanu ndi limodzi.

Tsopano awerengere Lachiwiri. Mabatani ndi mabowo a malaya anayi, ola limodzi. Zipi, theka la ola. Masiketi atatu, maola atatu. Zonse pamodzi ndi maola anayi ndi theka, ndipo kwatsala ola limodzi ndi theka. Akanawonjezera makatani, omwe amafuna maola anayi, zikanakwana maola asanu ndi atatu ndi theka pa tsiku la maola asanu ndi limodzi. Ola ndi theka lotsalalo si malo oti adzazemo ntchito ina. Ndi la magetsi akathima nthawi yosita, kapena singano ikathyoka.

Chizolowezi chochepetsa nthawi imene ntchito idzatenge chili mwa anthu ambiri, ndipo chinayezedwapo. Mu 1994, Roger Buehler, Dale Griffin ndi Michael Ross anafunsa ophunzira a pa yunivesite ina ku Canada kuti atenga masiku angati kumaliza chimangirizo chawo cha chaka chomaliza. Mwapakatikati ananena masiku pafupifupi 34. Atafunsidwa kuti nanga zinthu zonse zitavuta, anati pafupifupi 49. Chimene chinachitika n'chakuti anatenga masiku oposa 55, kupitirira ngakhale pamene ankati ndi poipitsitsa. Ofufuzawo anaona kuti anthu akamalosera amayang'ana momwe ntchitoyo iyenera kuyendera, n'kuiwala momwe ntchito zofanana nayo zinayendera kale. Kope la madzulo limathandiza pomwepa, chifukwa limasunga umboni wa masiku apitawo: telala akafuna kudziwa kuti siketi imatenga nthawi yaitali bwanji, ayang'ane sabata yatha.

Kodi ntchito ya mawa ilembedwe motani kuti idzagwiridwedi?

Ilembedwe ngati chinthu choyamba chimene manja adzachite, pamodzi ndi nthawi yake kapena chochitika chimene chidzaiyambitse. Mawu oti "malaya" samuuza telala kanthu m'mawa. Ayenera kuyambanso kukumbukira pamene anasiyira. Mawu oti "ndikangotsegula, kuboola mabowo a mabatani pa malaya anayi, ulusi woyera" amamutengera pa makina mosataya mphindi.

Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Peter Gollwitzer, wafufuza nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. M'kafukufuku wina amene anafalitsa mu 1997 pamodzi ndi Veronika Brandstätter, ophunzira anapemphedwa kulemba lipoti lofotokoza momwe anathera tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, n'kulitumiza pasanathe masiku awiri. Ena anauzidwa kusankhiratu nthawi ndi malo olembera, ena ayi. Mwa amene anasankhiratu, oposa awiri mwa atatu alionse analemba pa nthawi yake, pamene mwa enawo anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Onse ankafuna kulemba. Kusiyana kunali kwakuti ena anali atamangirira ntchitoyo ku nthawi ndi malo odziwika.

Telala angapitirirenso pang'ono. Asanakhome chitseko, aike malaya anayiwo pa tebulo la makina, mabatani ali m'kambale pambali pake. M'mawa ntchito yoyamba idzakhala ili pamaso pake asanabwere munthu woyamba wofuna kuyezedwa.

Anthu ena amati kuganiza za mawa usiku kumasowetsa tulo. Kodi si zoona?

Chimodzi mwa zimene zimasowetsa tulo ndi ntchito yosatha imene ilibe dongosolo. Mu 1927, Bluma Zeigarnik, amene ankaphunzira kwa Kurt Lewin ku Berlin, anafalitsa zimene anapeza zoti anthu ankakumbukira kwambiri ntchito zimene anadukizidwa pakati kusiyana ndi zimene anamaliza. Ofufuza a pambuyo pake sanapeze zotsatira zofanana nthawi zonse, koma mfundo yoti ntchito yosatha imabwererabwerera m'maganizo inafufuzidwabe m'njira zina. Mu 2011, E. J. Masicampo ndi Roy Baumeister anakumbutsa anthu ntchito zawo zosatha, kenako n'kuwapatsa nkhani yoti awerenge. Maganizo awo ankathawira ku ntchitozo. Koma amene anapatsidwa mpata wolemba momwe adzagwirire ntchitozo sanavutike choncho, ngakhale kuti ntchitozo zinali zisanagwiridwebe.

Pa za tulo penipeni, Michael Scullin ndi anzake a pa yunivesite ya Baylor ku America anafalitsa kafukufuku mu 2018. Achinyamata 57 anagona m'chipinda choyezera tulo, ndipo asanagone aliyense analemba kwa mphindi zisanu. Gulu lina linalemba ntchito zimene liyenera kugwira masiku akudzawo, lina linalemba zimene linamaliza kale. Olemba za m'tsogolo anagona msanga ndi mphindi pafupifupi 9, ndipo amene analemba mwatsatanetsatane ndiwo anafulumira kwambiri.

Kafukufukuyu anali wa usiku umodzi, pa anthu ochepa a thanzi labwino, choncho sakutanthauza kuti kope lingachize matenda osowa tulo. Amene wakhala masabata akulephera kugona afunika kuonana ndi achipatala. Chimene kafukufukuyu akusonyeza n'chakuti kulemba za mawa sikuwonjezera nkhawa monga ambiri amaopera, malinga zikulembedwa n'kutsekedwa, osati kuwerengedwa m'mutu munthu ali chigonere.

Nanga ntchito imene imangosamuka tsiku ndi tsiku osagwiridwa?

Ntchito yotere imadziwika pokhapokha ngati munthu akuika chizindikiro nthawi iliyonse imene waisamutsa. Kadontho kamodzi pambali pake n'kokwanira. Makina a telala aja ali ndi timadontho titatu: analembedwa Lachisanu, Loweruka, ndi Lolemba. Ntchito ikafika pamenepa, kuilembanso pa tsamba la mawa momwe ilili n'kosathandiza, chifukwa chimene chinaiimitsa katatu chidzaiimitsanso.

Nthawi zambiri pamakhala chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina ntchitoyo ndi yaikulu ndipo yalembedwa ngati chinthu chimodzi, monga "kukonza shopu", pamene mkati mwake muli ntchito khumi. Iyenera kuphwanyidwa, n'kulemba kachigawo koyamba kokha. Mwina muli chinthu chimene munthu akuchizemba, monga ndalama kapena kukambirana kovuta. Mwinanso ntchitoyo si yofunikanso, koma munthu akuchita manyazi kuifufuta.

Kwa telala ndi chachiwiri. Akuopa kuti mmisiri atchula mtengo waukulu sabata imene ndalama zikufunika kugulira nsalu. Koma mtengowo sakuudziwa, chifukwa sanafunse. Choncho ntchito yoti "kupereka makina kwa mmisiri" ifufutidwa, ndipo m'malo mwake alemba kuti: "Lachiwiri pa nkhomaliro, kuimbira mmisiri, kumufotokozera za ulusi ukudumphawo, kufunsa mtengo." Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Akamva mtengo adzasankha pakati pa kutumiza makinawo Lachitatu ndi mnyamata uja kapena kuwaika pa tsiku lotchulidwa sukulu zitatsegulidwa. Njira zonse ziwirizi zikuchotsa makinawo pa mndandanda wa tsiku ndi tsiku.

Mafunsowa afunsidwe nthawi yanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo alembedwe pati?

Nthawi yabwino ndi pothera pa ntchito, munthu akadali pamalo ogwirira ntchito. Zifukwa zake n'zooneka: zinthu zili pamaso pake moti angathe kutsegula bokosi n'kuona ngati zipi ilimo, ndipo anthu oti aimbiridwe foni sanagone. Amene amadikira mpaka pogona amapeza kuti funso lachisanu lachedwa. Kwa mayi amene ntchito zake ndi za pakhomo ndi kumunda, nthawi yotere ingakhale akamaliza kutsuka mbale za mgonero. Kwa mlonda kapena namwino wogwira usiku, "madzulo" ake ndi m'mawa pamene akuweruka.

Mphindi khumi n'zokwanira, ndipo zikamapitirira theka la ola ndiye kuti munthuyo wayamba kugwira ntchitozo kapena kuzidandaula m'malo mozisankhira kopita. Kope wamba la sukulu limakwana: tsamba limodzi pa tsiku, zatha pamwamba, zotsala ndi zifukwa zake pakati, za mawa pansi. Foni ingagwirenso ntchito, koma malo akhale amodzi. Wolemba zina pa foni, zina pa kapepala ka m'thumba, zina pakhoma, madzulo sadziwa kuti mndandanda weniweni ndi uti. Amene kulemba kumamuvuta angathe kujambula mawu ake pa foni, kapena kuyankha mafunsowo mokweza pamaso pa mnzake wa pa ntchito kapena wa m'banja, ngakhale kuti njira imeneyi siisunga bwino timadontho tija.

Kodi munthu angazindikire bwanji kuti njirayi ikumuthandiza, kapena kuti yasokonekera?

Pakatha sabata, awerenge manambala awiri: ntchito zimene analemba kuti agwira, ndi zimene zinatheratu. Lolemba lija telala anamaliza imodzi mwa zisanu ndi imodzi. Ngati Lachiwiri wamaliza malaya, buluku, masiketi ndi foni ya kwa mmisiri, ndiye kuti wamaliza zinayi mwa zinayi, osati chifukwa wasoka mofulumira, koma chifukwa analonjeza zimene tsikulo likanatha kunyamula. Kusintha koyamba kumaoneka pamenepo: mndandanda wa mawa umafupika, ndipo makasitomala obwera n'kubwerera chimanjamanja amachepa.

Kenako ayang'ane zifukwa zimene analemba pa funso lachiwiri sabata yonseyo. Ngati mawu oti "kunalibe zipi", "ulusi unatha", "mabatani anaperewera" akubwera katatu, vuto si la tsiku limodzi. Afunika tsiku lokhazikika logulira zipangizo, mwina Loweruka lililonse. Ngati chobwerezabwereza ndi "mwiniwake sanabwere kudzayesa", ayambe kupangana tsiku loyesera pa nthawi imene akulandira nsalu.

Zizindikiro zoti njirayi yasokonekera ziliponso. Chimodzi ndi tsamba la mawa lofanana ndendende ndi la lero, kusonyeza kuti funso lachitatu likudumphidwa. China ndi mndandanda umene ukutha wonse tsiku lililonse koma wodzaza ndi tintchito tosavuta, pamene diresi ya chinkhoswe ikungokankhidwira kutsogolo. Mankhwala ake ndi kuika ntchito imene tsiku lake layandikira kwambiri pa malo oyamba a m'mawa. Chachitatu ndi kope limene lasanduka bwalo la milandu, lodzaza ndi mawu odzidzudzula opanda dzina la chinthu chimene chinasowa. Pamenepo munthu abwerere ku zinthu zinayi zija, chipangizo, munthu, nthawi ndi chiganizo, n'kulemba chimodzi pambali pa ntchito iliyonse yotsala. Ndipo tsiku limene mafunsowa sanafunsidwe, kaya chifukwa cha maliro, matenda kapena kutopa, palibe chifukwa chobwerera kukadzaza masamba opanda kanthu: madzulo otsatira atenge mndandanda womaliza umene analemba, n'kuyambira pa funso loyamba.